Minipulepu: kutulutsa pulazimidi m'mabakiteriya ndi ntchito ya bafa iliyonse

M'kati mwa selo limodzi la E. coli lomwe lanyamula pulazimidi muli mitundu iwiri ya DNA. Muli kuromozomu ya bakiteriya mwiniwake, yomwe ndi yayitali pafupifupi mabesi mamiliyoni 4.6, ndipo muli pulazimidi yathu, kamkombero kakang'ono ka mabesi zikwi zochepa chabe. Zonse ziwiri ndi DNA, ndipo pa nembanemba ya silika zimakakamira mofanana. Ndiye ntchito yonse ya minipulepu yagona pa funso limodzi: tingataye bwanji yayikuluyo n'kusunga yaying'onoyo? Yankho lomwe anthu akugwiritsa ntchito mpaka lero linachokera kwa Birnboim ndi Doly, omwe mu 1979 anafalitsa njira yoswa maselo ndi alikali. Makiti a masiku ano anangowonjezerapo kolamu ya silika kumapeto.

Pano ndigwiritsa ntchito mayina a mabafa, madzi a mankhwala omwe timathira pa sitepe iliyonse, monga alembedwera pa mabotolo a kiti ya Qiagen, omwe ndi P1, P2, N3, PB, PE ndi EB, chifukwa ndi omwe anthu ambiri anawazolowera. Makampani ena amatchula mayina awoawo, koma zomwe zili m'mabotolomo zimagwira ntchito yofanana, ndipo mukamvetsa ntchito ya bafa iliyonse simudzasokonezeka mukapatsidwa kiti yachilendo. Kuti nkhani ikhale ndi pogwira, titsata chitsanzo chimodzi: pUC19, pulazimidi ya 2,686 bp, kutanthauza mapeya a mabesi 2,686, talowetsamo chidutswa cha 1,200 bp pakati pa malo omwe amadula maenzaimu a EcoRI ndi HindIII, ndipo ili m'mabakiteriya a E. coli a mtundu wa DH5α. Tikufuna DNA yoyera yokwanira kudula ndi maenzaimu komanso kutumiza kuti akawerenge ndandanda ya mabesi ake.

Dzulo lake madzulo

Minipulepu yabwino imayamba tsiku lisanafike. Tengani koloni imodzi yokhala payokha pa puleti yatsopano, muyiike mu 3 ml ya LB, madzi a chakudya cha mabakiteriya, momwe mwathira antibayotiki yoyenera. Kwa pUC19 ndi ampisilini pa 100 µg/ml. Pulazimidi ina ikafuna kanamayisini, nthawi zambiri imakhala pa 50 µg/ml. Chubu chikhale chachikulu kanayi kapena kuposa poyerekeza ndi madzi omwe mwathiramo, chivindikiro chisatseke mpweya, ndipo chigwedezeke pa 37 °C kwa maola 12 mpaka 16.

Malire a maola 16 amenewa musawapeputse, makamaka pa ampisilini. Mabakiteriya onyamula pulazimidi amatulutsa enzaimu yomwe imawononga ampisilini m'madzi omwe akukuliramo. Ampisilini akatha, selo lililonse lomwe lataya pulazimidi limayamba kuchulukana momasuka, ndipo m'mawa mumapeza chubu chodzaza ndi maselo koma pulazimidi yochepa. Chifukwa chomwechi ndi chomwe sitisankhira timakoloni ting'onoting'ono tomwe timamera mozungulira koloni yayikulu pa puleti ya ampisilini yomwe yakhalitsa: ambiri mwa iwo alibe pulazimidi.

Musanaswe maselo, patulani pang'ono. Sakanizani 500 µl ya mabakiteriya ndi 500 µl ya giliserolo wa 50%, musunge pa −80 °C. Koloni imeneyi ikapezeka kuti ndi yolondola, simudzafunika kuyambiranso.

Mawu awiri pa mabotolo. Kiti yatsopano imabwera ndi RNase A m'kachubu kapadera, yomwe muyenera kuthira mu P1, kenako P1 yo izikhala m'firiji. PE imabwera yosathira etanolo, ndipo mumathira nokha etanolo wa 96 mpaka 100% pa muyezo wolembedwa pa botolo. Mukathira, lembani chizindikiro ndi tsiku pa chivindikiro kuti mnzanu wobwera pambuyo asakayikire. P2 muyiyang'ane powala: ngati muli zoyera zoyandama, ndi SDS yomwe yaundana chifukwa cha kuzizira, ndipo imasungunuka botolo likakhala pa 37 °C kwa mphindi zochepa. Valani magolovesi, pakuti P2 imaotcha khungu, ndipo N3 ndi PB zili ndi gwanidini.

Kusonkhanitsa maselo

Thirani 1.5 ml m'kachubu, muzunguze mu sentirifuji pa 6,800 × g kapena kuposerapo pang'ono kwa mphindi 3, mutaye madzi a pamwamba, muthirenso 1.5 ml yotsalayo m'kachubu komweko n'kuzunguzanso. Pansi padzakhala nsenga yolimba yotuwira. Chotsani LB yense, ngakhale kadontho komaliza, ndi pipeti, chifukwa wotsalayo amasungunula mabafa obwera pambuyo. Ngati nthawi yakutherani, apa ndi pabwino poimira: nsenga youma chonchi imasungika pa −20 °C mpaka tsiku lina.

Pali chiyeso choti munthu atenge maselo ambiri kuti apeze DNA yambiri. Pa pulazimidi yonga pUC19, yomwe imakhala makope 500 mpaka 700 m'selo limodzi, 1 mpaka 5 ml ya LB ndi yokwanira. Mukapyola apo, 250 µl ya P2 imalephera kuswa maselo onse, zinyalala zimachuluka n'kutseka kolamu, ndipo zomwe mumapeza zimachepa m'malo mochuluka. Pulazimidi ya makope ochepa, monga pBR322 yomwe imakhala 15 mpaka 20 pa selo, ndi yomwe imafuna mpaka 10 ml, ndipo apo mabafa atatu oyambawo amafunika kuwirikizidwa kawiri.

P1: kumwaza maselo ndi kumanga manja a maenzaimu

Thirani 250 µl ya P1 pa nsengayo, muisakanize ndi pipeti kapena voteksi, makina ogwedeza timachubu mwamphamvu, mpaka pasatsale kachibulu ngakhale kamodzi. Pano nkhanza n'zololedwa, chifukwa maselo akadali athunthu ndipo DNA yonse ili m'kati mwawo. Kwezani kachubu kuwala, muyang'ane pansi. Kachibulu kalikonse kotsala ndi maselo omwe P2 idzangowanyambita kunja osafika pakati.

Mu P1 muli zinthu zitatu. Choyamba ndi Tirisi wa 50 mM pa pH 8.0, yemwe amasunga pH pamalo pomwe DNA imakhala mwamtendere. Chachiwiri ndi EDTA ya 10 mM, yomwe imagwira maginiziyamu ndi kalisiyamu. Izi zili ndi phindu pawiri. Khungu lakunja la E. coli limalimba chifukwa cha maayoni awiriwa, ndiye akachotsedwa limafooka n'kukhala losavuta kusweka. Komanso maenzaimu odula DNA omwe ali m'selo amafuna maginiziyamu kuti agwire ntchito, ndipo akamatuluka selo litasweka amapeza maginiziyamuyo atagwidwa kale. Chachitatu ndi RNase A ya 100 µg/ml. Iyi pakadali pano ilibe chochita, ikudikira kuti maselo atseguke. Ndi enzaimu yolimba kwambiri, imapirira alikali ya P2, ndipo imadula RNA kukhala tizidutswa tomwe sitingakhalitse pa kolamu. M'selo la bakiteriya RNA ndi yambiri kuposa pulazimidi kutalitali, choncho P1 yomwe RNase yake inafooka imakupatsani "DNA" yambiri pa makina oyezera, chonsecho mbali yayikulu ndi RNA.

P2: pomwe ntchito imakomera kapena kuwonongekera

Thirani 250 µl ya P2, mutseke kachubu, mukatembenuze pang'onopang'ono maulendo 4 mpaka 6. Musagwedeze, musaike pa voteksi, musasakanize ndi pipeti. M'masekondi ochepa madzi aja, omwe anali amatope, amayera n'kukhala onanda, moti potsegula chivindikiro mumaona kaulusi kakutamuka. Kuyera kumeneko ndi umboni woti maselo asweka. Makiti ena ali ndi utoto womwe umasanduka wabuluu pa nthawi imeneyi, ndipo mumatembenuza mpaka mtunduwo ufanane ponseponse.

P2 ili ndi zinthu ziwiri zokha, SDS ya 1% ndi NaOH ya 200 mM. SDS ndi mtundu wa sopo wamphamvu: imasungunula mafuta a khungu la selo ndipo imakuta mapuloteni n'kuwamasula kuti asiye maonekedwe awo. NaOH imakweza pH kufika pakati pa 12.0 ndi 12.5, ndipo pa pH imeneyo zingwe ziwiri za DNA zimasiya kugwirana.

Apa ndi pomwe kusiyana kwa DNA ziwiri zija kumaonekera. Pulazimidi ndi mkombero wotsekeka, ndipo zingwe zake ziwiri n'zopotana, chilichonse chili chotsekeka pachokha. Zili ngati mphete ziwiri za unyolo: mutha kuzikankha kuti zisakhudzane, koma simungazilekanitse popanda kudula imodzi. Ndiye ngakhale alikali imasule mabesi ake, chingwe chilichonse chimakhalabe pafupi ndi chinzake. Kuromozomu nayo inali mkombero m'selo, koma kutalika kwake kumachititsa kuti iduke apo ndi apo maselo akamasweka, ndipo zidutswa zake zazitalizo zikamasuka zingwe zimatayana n'kupiringizana ndi mapuloteni ndi zotsalira za khungu la selo.

Tsopano mutha kuona chifukwa chomwe voteksi ili yoletsedwa. Tikufuna kuti kuromozomu ikhalebe m'zidutswa zikuluzikulu, zolemera, zoti zikodwe m'zinyalala pa sitepe yotsatira. Mukaigwedeza mwamphamvu imaduka kukhala tizidutswa tating'ono, tomwe sitikodwa, timatsalira m'madzi limodzi ndi pulazimidi, ndipo kolamu siingathe kuzisiyanitsa. Kuchokera pamenepo palibe bafa yomwe ingakonze cholakwacho.

Malire enanso ndi a nthawi: P2 isapitirire mphindi 5. Pulazimidi ikakhalitsa mu alikali, zingwe zake zimamasukiratu n'kupindika molakwika, ndipo pH ikabwerera sizipezanso malo ake enieni. DNA yotereyi maenzaimu odula amaikana. Mphindi 2 kapena 3 zimakwana. Ngati muli ndi timachubu 12 kapena kuposa, ganizirani nthawi yomwe imapita kuchokera pa koyamba kufika pa komaliza, ndipo ndi bwino kutigawa m'magulu awiri kusiyana n'kuti koyamba kadikire mphindi 8. Botolo la P2 mulitseke mukangotapamo, chifukwa NaOH imayamwa mpweya wa CO2 n'kufooka pang'onopang'ono. Madzi akapanda kuyera mutathira P2, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa atatu: maselo achuluka, zibulu zinatsala pa P1, kapena P2 yakalamba.

N3: kubwezera pH, kugwetsa zinyalala, kukonzekera kolamu

Thirani 350 µl ya N3 ndipo mutembenuze nthawi yomweyo, maulendo 4 mpaka 6, modekha monga poyamba koma mosazengereza. Mukachedwa kusakaniza, malo omwe N3 yagwera amaundana okha pomwe kwina kukadali alikali. Mudzaona zoyera zambiri zikuyandama, ndipo kunanda kuja kumatha.

N3 imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Muli potaziyamu asiteti wa asidi, pa pH yochepera 5, yemwe amatsitsa pH ya madzi onse msangamsanga. Zingwe za pulazimidi, poti sizinatayane, zimapezana pompo n'kubwerera mwakale, ndipo pulazimidi imakhala yosungunuka m'madzi. Zingwe za kuromozomu sizingapeze zinzake m'kanthawi kochepa chotero, zimangogwirana chisawawa n'kukhala chipiringu. Ntchito yachiwiri ndi ya potaziyamu. SDS ikakhala ndi sodiyamu imasungunuka bwino, koma potaziyamu akalowa m'malo mwa sodiyamu imaundana, ndipo poundanapo imakokera pansi mapuloteni omwe inawakuta, zotsalira za khungu, ndi chipiringu cha kuromozomu chija. Zoyera zomwe mukuonazo ndi zimenezi. Ntchito yachitatu ndi ya gwanidini hayidulokolorayidi, mchere womwe ulimo wambiri zedi, ndipo phindu lake lionekera pa kolamu.

Chenjezo kwa omwe ali ndi makiti angapo pa shelefu: P3 si N3. P3 ndi potaziyamu asiteti wa 3 M pa pH 5.5 wopanda gwanidini, ndipo inapangidwira mtundu wina wa kolamu. Imagwetsa zinyalala bwinobwino, moti m'maso zonse zimaoneka zili m'malo, koma DNA siidzakakamira bwino pa silika ndipo idzapita ndi madzi otayidwa.

Zunguzani kwa mphindi 10 pa liwiro lonse la sentirifuji ya pa tebulo, pafupifupi 13,000 rpm kapena 17,900 × g. Zoyera zija zimakanikizika pansi ndi m'mbali mwa kachubu. Tapani madzi oyera a pamwamba ndi pipeti, pafupifupi 800 µl mwa 850 µl yomwe munathira, osakhudza nsenga. Ndi bwino kusiya 50 µl kusiyana n'kutengera kachidutswa koyera pa kolamu, popeza m'kachidutswako muli kuromozomu yomwe mwavutika kuichotsa. Tizidutswa tikakana kukhala pansi, samutsirani madziwo m'kachubu kena muzunguzenso mphindi 3.

Kolamu ndi kutsuka kuwiri

Thirani madziwo pa kolamu yomwe yakhala m'kachubu kake kolandirira, muzunguze kwa masekondi 30 mpaka 60, mutaye zomwe zadutsa. DNA ndi silika zonse zili ndi chaji ya negetivu, ndipo m'madzi wamba zimakankhana, chilichonse chitakutidwa ndi madzi ake. Gwanidini wochuluka uja amasokoneza madzi okuta aja ndipo mcherewo umaphimba machaji, choncho DNA imakakamira pa silika. Izi zimayenda bwino pH ikakhala 7.5 kapena kutsika, zomwe N3 yakonza kale. Kolamu imodzi imagwira mpaka pafupifupi 20 µg.

Madzi otayidwawa musawathire m'chidebe cha bulitchi. Gwanidini akakumana ndi bulitchi amatulutsa mpweya wapoizoni. Ambiri tinazolowera kupha mabakiteriya ndi bulitchi, ndipo dzanja limapita lokha ku chidebe chimenecho, ndiye ikani botolo lapadera la zotayidwa za kolamu musanayambe ntchito.

Kutsuka koyamba ndi kwa PB, 500 µl, kuzunguza mphindi imodzi. Mu PB muli gwanidini wambiri ndi ayisopuropanolo. DNA imakhalabe pa silika, pomwe mapuloteni otsalira amamasuka n'kutsika. Puloteni yomwe tikuiopa kwenikweni ndi enzaimu yodula DNA yotchedwa EndA. DH5α ilibe EndA yogwira ntchito, choncho m'chitsanzo chathu sitepe imeneyi mutha kuidumpha. Koma mabakiteriya a mitundu ya HB101, JM101 ndi BL21 ali nayo, ndipo pa amenewa PB ndi yokakamiza. Kuipa kwa EndA n'koti imabisala. DNA imaoneka yabwino pa jelo, koma mukangoiika m'bafa ya enzaimu yodulira, momwe muli maginiziyamu, pa 37 °C, EndA imadzuka n'kuidya yonse. Ine ndimathira PB nthawi zonse ngakhale pa DH5α, chifukwa mtengo wake ndi mphindi imodzi yokha.

Kutsuka kwachiwiri ndi kwa PE, 750 µl. Iyi ndi etanolo wa pafupifupi 80% ndi Tirisi pang'ono. Mchere wa gwanidini umasungunuka m'madzi ochepa omwe alimowo n'kutsika, koma DNA siisungunuka mu etanolo wochuluka chotero, ndiye imatsala. Mukaiwala kuthira etanolo m'botolo la PE, mwatsuka kolamu ndi madzi a mchere wochepa, omwe ndi ofanana ndi bafa yotsitsira DNA, ndipo pulazimidi yonse imapita m'zotayidwa. Etanolo amathanso kuuluka ngati botolo limasiyidwa losatseka bwino, ndipo zokolola zimanka zichepa mwezi ndi mwezi popanda wodziwa chifukwa.

Mukazunguza PE, tayani zomwe zadutsa, mubwezere kolamu m'kachubu kopanda kanthu, muzunguzenso mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nembanemba iume. Kutaya kuyambe, kuzunguza kutsatire. Mukazunguza madzi akadali pansi, etanolo sachoka yense pa nembanemba. Potulutsa kolamu samalani kuti kamlomo kake kasakhudze madontho a m'mbali. Etanolo wotsalira amafooketsa maenzaimu, amasokoneza kuwerenga ndandanda ya mabesi, ndipo mumamuzindikira pa jelo: sampulo imakana kukhala m'dzenje, imayandama n'kumwazika m'bafa.

EB: kutsitsa DNA

Ikani kolamu m'kachubu katsopano ka 1.5 ml komwe mwalembapo dzina kale. Donthezani 50 µl ya EB pakati penipeni pa nembanemba, tipi ili pafupi koma osaiboola. Dontho likagwera pa khoma la kolamu, mbali ina ya nembanemba imakhala youma ndipo DNA ya pamenepo siitsika. Dikirani mphindi imodzi, kenako zunguzani mphindi imodzi.

EB ndi Tirisi wa 10 mM pa pH 8.5, basi. Ndi chosemphana ndi zomwe zinamangirira DNA pa silika: mchere palibe, pH yakwera, madzi abwerera kukuta DNA ndi silika, ndipo ziwirizo zimakankhananso. Madzi oyera a mu labu amathanso kutsitsa DNA, koma pH yawo nthawi zambiri imakhala pansi pa 7 chifukwa cha CO2, ndiye amatsitsa yochepa, komanso DNA yosungidwa m'madzi opanda bafa imawonongeka msanga. TE imasunga DNA bwino kwa nthawi yayitali, koma EDTA yake imalanda maginiziyamu omwe maenzaimu anu adzafune mawa. Mukafuna DNA yokhathamira, tsitsani ndi 30 µl: yonse pamodzi idzachepako pang'ono koma pa µl iliyonse idzachuluka. Pulazimidi yoposa 10,000 bp imagwira silika mwamphamvu, ndipo EB yofunditsidwa kufika 50 mpaka 60 °C imathandiza kuimasula.

Kuona zomwe mwapeza

Tinene kuti pa NanoDrop, makina oyezera kuchuluka kwa DNA, chitsanzo chathu chawerenga 180 ng/µl. Mu 50 µl ndiye kuti muli 9 µg, zomwe n'zoyenera kwa pUC19 yochokera mu 3 ml. Makinawo amawerengera kuti A260, muyezo wa kuwala kwa 260 nm komwe sampulo yayamwa, ikakhala 1.0 ndi 50 µg/ml ya DNA ya zingwe ziwiri, ndipo sadziwa kusiyanitsa pulazimidi, kuromozomu ndi RNA. Choncho yang'ananinso manambala awiri ena. A260/A280 ikhale pafupi ndi 1.8. Ikatsika kwambiri muli mapuloteni, ikayandikira 2.0 kayikirani RNA. A260/A230 ikhale pakati pa 2.0 ndi 2.2, ndipo ikatsika kwambiri nthawi zambiri ndi gwanidini wotsalira, yemwe amachoka mukatsuka ndi PE kawiri kapena kuisiya pa kolamu mphindi zingapo musanazunguze. Poyeza, ikani makina pa ziro ndi EB yomweyo yomwe munatsitsira.

Umboni weniweni uli pa jelo. Dulani 500 ng, yomwe pa 180 ng/µl ndi pafupifupi 3 µl, ndi EcoRI ndi HindIII kwa ola limodzi pa 37 °C. Pa jelo ya agarozi ya 1% ikani lada, yomwe ndi zidutswa za DNA zodziwika kutalika kwake, kenako sampulo yosadula ndi yodula moyandikana. Yodulayo iyenera kupereka mizere iwiri, wina pafupi ndi 2,600 bp, wina pa 1,200 bp. Mukaona wa 2,600 wokha, koloni yanu inanyamula pUC19 yopanda chidutswa. Minipulepu inayenda bwino, koloni ndi yomwe inali yolakwika.

Sampulo yosadula imasokoneza ongoyamba kumene, chifukwa pulazimidi imodzi ya pafupifupi 3,800 bp imaonetsa mizere iwiri kapena itatu. Wowala kwambiri, womwe wathamanga kupitirira pomwe lada ikusonyeza 3,800, ndi pulazimidi yopotana yomwe sinaduke paliponse, ndipo ndi yomwe tikufuna ichuluke. Wofooka womwe watsalira m'mwamba kawirikawiri ndi mkombero womwe chingwe chake chimodzi chaduka n'kumasuka. Kukula kwa pulazimidi musakuyeze ndi sampulo yosadula, kumayezedwa ikadulidwa n'kukhala yowongoka.

Zolakwa za m'manja nazo zimalembeka pa jelo pomwepa. Mzere waukulu pafupi ndi dzenje, wokhala ndi chifunga chotsika pansi pake, ndi kuromozomu, kutanthauza kuti panali kugwedeza pa P2 kapena N3, kapena mabakiteriya anakula mopyola nthawi n'kuyamba kufa okha. Chifunga chowala kumunsi kwenikweni kwa jelo ndi RNA, ndipo mankhwala ake ndi RNase A yatsopano mu P1. Kamzere kofooka komwe kali patsogolo pa mzere wa pulazimidi yopotana, komwe kamaonekanso pamalo pomwepo m'sampulo yodula, ndi pulazimidi yomwe inakhalitsa mu P2. Yosadula ikakhala yabwino koma yodula yasanduka chifunga chokhachokha, ganizirani EndA, ndipo kuti mutsimikize ikani DNA m'bafa yodulira popanda enzaimu pa 37 °C kwa ola limodzi: ikawonongekabe, wolakwa si EcoRI kapena HindIII. Pakapanda chilichonse pa jelo pomwe nsenga ya maselo inali yabwino, yambani ndi botolo la PE, kenako mufunse ngati m'LB munalidi antibayotiki.

DNA ya minipulepu imakwana pa kudula, kulumikiza, PCR, kuwerenga ndandanda ya mabesi ndi kulowetsa m'mabakiteriya ena. Pomwe imaperewera ndi pa maselo a nyama osachedwa kufa, chifukwa endotokisini wochokera ku khungu lakunja la E. coli amatsika nayo limodzi, ndipo ntchito imeneyo imafuna kiti yochotsa endotokisini. Yotsalayo isungeni pa −20 °C, ndipo ngati mudzaigwiritsa ntchito kawirikawiri igaweni m'timachubu tiwiri kapena titatu, popeza kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumadula zingwe n'kuchepetsa pulazimidi yopotana ija.